Masamu a m'kope ndi masamu a msonkho: zimene mtsikana wa golosale anaphunzira

Kope lake linkanena kuti chaka chonse wapindula K200,000. Kalata yochokera ku ofesi ya msonkho inkanena kuti wapindula K3,220,000. Sitolo ndi imodzi, chaka ndi chimodzi, ndipo palibe mwa awiriwo amene anaphonya kuwonkhetsa. Nanga K3,020,000 ya pakatipa inachokera kuti?

Nkhani ya mtsikana ameneyu tayikonza ngati chitsanzo, ndipo ziwerengero zake taziika zosavuta kutsatira, koma njira yowerengera ndi imene amakumana nayo eni magolosale m'Malawi muno. Tiyerekeze kuti ndi mtsikana wa ku Bangwe amene anatsegula golosale atamaliza sukulu. Nyumba imene amachita lendi ili ndi zipinda ziwiri: cha kumsewu ndiye sitolo, cha kumbuyo amagonamo ndi mng'ono wake. Katundu amakapikula m'maholoselo a ku Limbe. Amagulitsa shuga, sopo, mafuta ophikira, mchere, buledi, zakumwa zozizira ndi zina zotero.

Mtsikanayu sanali wamphwayi. Usiku uliwonse akatseka chitseko ankawerenga ndalama za m'dilowa n'kulemba m'kope. Malisiti a ku holoselo ankawasunga m'katoni. Analembetsa ku bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority, limene anthu amangoliti MRA, ndipo anali ndi nambala yake ya wokhoma msonkho, ija amati TPIN. Chaka chimene tikunena ndi choyambira pa 1 Epulo 2023 kulekeza pa 31 Malichi 2024, potsatira chaka cha boma cha zachuma, chimene kuyambira mu 2022 chimayamba mu Epulo m'malo mwa Julayi.

Masamu a mwini sitolo

Iye anawerengera motere. Ndalama zonse zimene analemba madzulo m'kope zinakwana K18,600,000. Katundu amene anapikula, malinga ndi malisiti, anali wa K16,900,000. Lendi inali K40,000 pamwezi, kutanthauza K480,000 pachaka. Mayunitsi a magetsi anadya K240,000, mayendedwe a ku Limbe ndi kubwerera K280,000, ndipo m'chakacho anagula fuliji ya K500,000. Zotuluka zonse pamodzi zinali K18,400,000. Atachotsera pa zolowa, panatsala K200,000.

Chiwerengero chimenechi chinkagwirizana ndi mmene ankamvera mumtima. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya ku holoselo inakwera, ndipo ulendo uliwonse wa ku Limbe unkafuna ndalama zambiri kuposa wapitawo kuti abwere ndi makatoni omwewo. Ndalama ikangolowa, m'mawa mwake inkapita ku katundu. Choncho atalandira kalata ija, ganizo lake loyamba linali lakuti a msonkho angoyang'ana mashelefu odzaza n'kupeka nambala. Anatenga kope, katoni ya malisiti ndi foni yake, n'kupita kukafunsa.

Bambo amene anakhala naye pansi ku ofesiko sanayambe ndi malamulo. Anayamba ndi funso.

"Achemwali, mukuti chaka chonse mwapindula K200,000. Pamwezi ndi ndalama zosafika K17,000. Inu ndi mng'ono wanu munkadya chiyani? Ndiwo, makala, zovala, za kusukulu, munkagula ndi chiyani?"

"Bambo, tinkangotapa pang'onopang'ono," anayankha mtsikanayo.

"Kutapako ndiye kumene tikufuna kuwerenga."

Mmene wamsonkho amadziwira kuti kope laperewera

Anthu ambiri amaganiza kuti wamsonkho amalota chiwerengero chake. Zoona zake n'zakuti ali ndi njira yosavuta yoyesera kope, ndipo mwini sitolo aliyense angathe kudziyesa nayo yekha. Amatenga mtengo wogulira ndi mtengo wogulitsira wa zinthu zingapo za pa shelefu. Ngati sopo wogulidwa pa K800 akugulitsidwa pa K1,000, ndiye kuti pa K100 iliyonse ya katundu mwini sitolo amawonjezerapo K25. Mu golosale ya mtsikanayu, zinthu zina ankawonjezerapo zochepa, zina zambiri, koma pophatikiza zonse zinkabwera pa K25 imeneyo.

Kenaka amayang'ana kope. Katundu wa K16,900,000 wabweretsa K18,600,000 yokha, kutanthauza kuti pa K100 iliyonse pangowonjezereka pafupifupi K10. Shelefu ikunena K25, kope likunena K10. Kusiyana kotere kumatanthauza chimodzi mwa zinthu zitatu, kapena zonse pamodzi: pali malonda amene sanalembedwe, pali katundu amene sanagulitsidwe, kapena pali katundu amene anatuluka m'sitolo popanda kulipiridwa. Kwa mtsikanayu zonse zitatu zinalipo.

Malonda amene sanafike m'kope

Vuto la kope lake linali lakuti linkalemba ndalama zimene zapezeka m'dilowa usiku, osati malonda amene achitika masana. Zinthu ziwirizi zimaoneka ngati chimodzi, koma zimasiyana m'njira zitatu.

Yoyamba ndi foni. Makasitomala ena ankalipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo ndalamazo zinkalowa pa nambala yake yomwe amalandiriranso mafoni a abale. Poti sizinkagwira dilowa, sankazilemba. M'maganizo mwake zinali ndalama za pafoni, zogulira mayunitsi, zotumizira mayi kumudzi, zolipirira kabaza. Atatsata mndandanda wa zolowa pafoniyo n'kupatula zimene anatumiza abale, zochokera kwa makasitomala zinakwana K800,000.

Yachiwiri ndi galimoto ya buledi. Inkafika m'mawa malonda atayamba kale, ndipo iye ankatapa m'dilowa n'kulipira pomwepo. Lisiti ya bulediyo ankaiponya m'katoni, choncho inawerengedwa pa katundu wogula. Koma usiku ankalemba ndalama zotsala m'dilowa, zimene zinali zitachepa kale ndi mtengo wa bulediyo. Ndiye kuti ndalama imodzimodziyo anaichotsa kawiri: koyamba potapa, kachiwiri powerenga malisiti. Pachaka zinakwana K400,000. Kulakwitsa kumeneku n'kofala kwambiri, ndipo mwini sitolo sakuona chifukwa mbali zonse ziwiri zimaoneka zolondola akaziyang'ana payokhapayokha.

Yachitatu ndi ngongole. Kumapeto kwa kope kunali masamba a anthu otenga zinthu n'kudzalipira mwezi ukatha: aphunzitsi, alonda, amayi oyandikana nawo nyumba. Pa 31 Malichi anthu amenewa anali ndi ngongole ya K200,000.

"Koma bambo, ndalama imeneyo sindinailandire," anatero mtsikanayo. "Ndikhome msonkho pa ndalama imene ili m'matumba a anthu ena?"

Bamboyo anafotokoza kuti pa malonda, msonkho umawerenga ndalama zimene munthu walandira ndiponso zimene ali ndi ufulu wolandira. Katundu akatuluka pa kauntala ndipo wogula wavomera mtengo, malonda achitika tsiku lomwelo. Ubwino wake ndi wakuti anthuwo akadzalipira mu Epulo, ndalamayo sidzawerengedwanso ngati malonda a chaka chatsopano. Imawerengedwa kamodzi kokha, koma m'chaka chimene katundu anatuluka.

Zitatuzi pamodzi zinakwana K1,400,000. Malonda enieni a chakacho sanali K18,600,000 koma K20,000,000.

Katundu wa pa shelefu

Apa ndi pamene mtsikanayu anavutika kwambiri kumvetsa, ndipo sali yekha. Iye anachotsera katundu yense amene anagula, wa K16,900,000, ngati ndalama yowonongeka. Koma wamsonkho amachotsera mtengo wa katundu amene wagulitsidwa, osati amene wagulidwa. Katoni ya sopo imene ili pa shelefu pa 31 Malichi si ndalama yotayika. Ndi chuma chimene chilipo, chongosintha maonekedwe. Mlimi amene chimanga chake chili m'nkhokwe sanganene kuti sanakolole chifukwa choti m'thumba mulibe ndalama.

Kawerengedwe kake n'kotere. Amatenga katundu amene analipo tsiku loyamba la chaka, amawonjezerapo amene anagulidwa m'kati mwa chaka, kenaka amachotsa amene watsala tsiku lomaliza. Katunduyo amawerengedwa pa mtengo wogulira, osati wogulitsira. Mtsikanayu anayamba chaka ndi katundu wa K1,200,000 ndipo anatseka ndi wa K1,800,000. Choncho K1,200,000 kuphatikiza K16,900,000, kuchotsa K1,800,000, ikutsala K16,300,000. Ameneyo ndiye katundu amene anatuluka m'sitolo m'chakacho.

Kusiyana kwa katundu woyamba naye ndi womaliza naye, K600,000, ndi phindu limene iye sanaligwire m'manja chifukwa analibwezera mu bizinesi. Pali chowawa china pamenepa chimene n'choyenera kuchinena poyera. Mbali ina ya K600,000 imeneyo si makatoni owonjezera ayi, ndi makatoni omwewo pa mtengo watsopano wa pambuyo pa Novembala. Mashelefu akhoza kukhala odzaza chimodzimodzi ngati chaka chatha, koma pa pepala mtengo wake wakwera, ndipo msonkho umawerengedwa m'makwacha, osati m'makatoni. N'chifukwa chake m'chaka cha mitengo yothamanga wamalonda amatha kuoneka wopindula pa pepala pamene iye akumva ngati wangothamanga pamalo amodzi. Kudandaula kwake n'komveka, koma sikusintha kawerengedwe.

Shuga wa tiyi wa m'mawa

Pa katundu wa K16,300,000 amene anatuluka uja, si yense anapita kwa makasitomala. Shuga wa tiyi, sopo wochapira, mafuta ophikira ndiwo, buledi wa mng'ono wake popita kusukulu, zonsezi zinkadutsa pa khomo la pakati kupita kuchipinda cha kumbuyo. Palibe ankalemba. Munthu angalembe bwanji paketi ya mchere ya m'sitolo yake yomwe? Atakhala pansi n'kuwerengera zimene awiriwo amatenga pamlungu, zinafika pa K25,000 pamwezi pa mtengo wa ku holoselo, kutanthauza K300,000 pachaka.

Lamulo la msonkho limalola kuchotsera ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito popanga phindu la bizinesi, ndipo limakana kuchotsera ndalama zosamalira mwini bizinesi ndi banja lake. Mphunzitsi amene amagula shuga ndi malipiro ake sachotsera shugayo pa msonkho wake. Mwini golosale nayenso sangachotsere, ngakhale shugayo watengedwa pa shelefu yake. Tikachotsa K300,000 imeneyi, katundu wogulitsidwadi ndi wa K16,000,000. Tsopano yesani ndi muyeso uja: katundu wa K16,000,000 wabweretsa K20,000,000, ndiye K25 pa K100 iliyonse. Kope ndi shelefu zayamba kulankhula chimodzi, ndipo phindu lisanachotsedwe zolipira zina ndi K4,000,000.

Lendi, magetsi ndi fuliji

Lamulo lomwelo linakhudza lendi. Nyumba ndi imodzi, koma theka lake ndi pogona. Pa K480,000 wamsonkho analola K240,000 yokha. Magetsi anagawidwa mosiyana: poti fuliji ndi nyali za m'sitolo zimadya kwambiri kuposa chipinda chogona, magawo awiri mwa atatu, K160,000, anapita ku bizinesi, ndipo K80,000 inatsala ya pakhomo. Kagawidwe kotere sikakhala ndi nambala imodzi ya aliyense. Kamadalira zimene mwini sitolo angasonyeze, monga kukula kwa zipinda ndi zipangizo zimene zimayaka. Mayendedwe a K280,000 analoledwa onse, chifukwa masiku amene analemba ndalama za minibasi ankagwirizana ndi masiku a pa malisiti a ku Limbe.

Fuliji inali nkhani ina. Palibe anakana kuti ndi ya bizinesi. Vuto linali lakuti fuliji si buledi: sitha chaka chimodzi. Idzaziziritsa zakumwa chaka chino, chaka chamawa ndi zaka zina kutsogoloko. Choncho mtengo wake suchotsedwa wonse nthawi imodzi. Lamulo limalola kuchotsera gawo chaka chilichonse, ndipo kukula kwa gawolo kumatengera mtundu wa chipangizo. M'chitsanzo chathu titenge K100,000 ngati gawo la chaka choyamba. K400,000 yotsalayo sinatayike, ikudikira zaka zotsatira, bola lisiti ya fulijiyo isungidwe. Momwemonso ndi mashelefu, sikelo, kauntala kapena njinga yonyamulira katundu.

Zololedwa zonse, lendi K240,000, magetsi K160,000, mayendedwe K280,000 ndi gawo la fuliji K100,000, zinakwana K780,000. Tikazichotsa pa K4,000,000 ija, patsala K3,220,000, nambala yeniyeni ya m'kalata.

Kumene kope linamubera iye mwini

Nkhani ikanathera pamenepa, wina akanaganiza kuti kuwerenga bwino kumakomera wamsonkho yekha. Koma bamboyo anafunsanso ngati panali zina zimene analipira chifukwa cha sitolo zomwe sanalembe. Zinalipo.

Chaka chilichonse amalipira chiphaso cha bizinesi ku khonsolo ya mzinda, ndipo m'chitsanzo chathu titi inali K60,000. Sanailembe pa zotuluka chifukwa ankaganiza kuti umenewo ndiwo msonkho, ndipo ankayembekezera kuti a MRA aichotsa pa ndalama zimene akumufuna. Chisokonezo chimenechi chili ndi anthu ambiri. Ndalama ya chiphaso, ngati ija ya chiphaso cha mumsika, imapita ku khonsolo. Msonkho wa pa phindu umapita ku boma kudzera ku MRA. Kulipira kwina sikuthetsa kwina. Koma chiphasocho ndi ndalama yoyendetsera bizinesi, choncho chimachotsedwa pa phindu msonkho usanawerengedwe.

Panalinso anyamata aganyu amene ankatsitsa ndi kunyamula makatoni. Aganyu sapereka lisiti, koma mtsikanayu ankawalipira pafoni, ndipo mndandanda womwe uja umene unaulula malonda a K800,000 unasonyezanso K120,000 yopita kwa anyamatawo pa masiku opikula katundu. Chomaliza chinali ngongole ya K40,000 ya bambo wina amene anasamuka usiku n'kuzimitsa foni. Ngongole imene yawerengedwa kale ngati malonda ikhoza kuchotsedwa ngati mwini sitolo asonyeza kuti yafadi, osati kuti yangochedwa. Tsamba la m'kope losonyeza tsiku limene bamboyo anatenga katundu, ndi mauthenga omukumbutsa amene sanayankhidwe, zinathandiza.

Zitatuzi zinakwana K220,000, ndipo phindu loyenera kukhomerapo msonkho linatsika kufika pa K3,000,000.

Ndalamazo zinapita kuti?

Mtsikanayu anavomera masamu, koma mtima unali usanavomere. "Ngati ndinapindula K3,000,000, bambo, ili kuti?"

Yankho lili m'ziwerengero zomwe taona kale. K600,000 ili pa shelefu ngati katundu. K400,000 yaima pakona ngati fuliji. K160,000 ili kwa angongole amene adzalipire. K300,000 inadyedwa ngati shuga, sopo ndi mafuta. K320,000 inalipira pogona ndi magetsi a kuchipinda cha kumbuyo. Zonsezi ndi K1,780,000. Yotsala, K1,220,000, ndi kutapa kuja: pafupifupi K100,000 mwezi uliwonse ya ndiwo, makala, za kusukulu, zopepesera maliro ndi zotumiza kumudzi. Palibe tambala imene inabedwa kapena kupekedwa. Iye ankawerenga ndalama zotsala atatha kukhala moyo ndi kukulitsa sitolo, pamene msonkho umawerenga zimene sitolo yapanga asanayambe kuzigwiritsa ntchito.

Tiyeneranso kunena kuti K3,000,000 si msonkho wake ayi, ndi phindu limene msonkho umawerengedwapo. Ambiri akaona nambala yaikulu m'kalata amaganiza kuti ndiyo akufunidwa kulipira, n'kutaya mtima asanawerenge bwino. Msonkho weniweni ndi gawo la phindulo, ndipo mlingo wake umatsata lamulo la chaka chimenecho, poti bajeti ya boma imatha kuusintha. Koma kukula kwa phindu kuli ndi ntchito: ngati mlingo uli K25 pa K100 iliyonse, K220,000 ija imene anaitulukira m'foni ndi m'kope inamupulumutsira K55,000.

Chiwerengero cha malonda chilinso ndi ntchito ina: chimanena gulu limene wamalonda alimo. Pa nthawi ya chitsanzo chathu, ogulitsa zosaposa K12,500,000 pachaka ankalipira msonkho wa mabizinesi ang'onoang'ono, umene ndi ndalama yokhazikika yotengera kuchuluka kwa malonda, popanda kuwerenga phindu. Ogulitsa katundu wokhomedwa VAT kufika pa K25,000,000 pachaka ankayenera kulembetsa msonkho wa VAT, umene unali pa 16.5 peresenti. Mtsikanayu, ndi K20,000,000 yake, anali pakati: wadutsa gulu loyamba, sanafike lachiwiri. Munthu amene kope lake limaperewera ndi ndalama za pafoni akhoza kudumpha malire otere osadziwa, n'kudzadzidzimuka ndi msonkho wa m'mbuyo pamodzi ndi chilango. Malire amenewa amasinthanso ndi bajeti, choncho ndi bwino kufunsa a chaka chino ku ofesi ya MRA.

Wamsonkho nayenso akhoza kuphonya

Muyeso wa K25 pa K100 uja ndi wongoyerekezera, ndipo uli ndi malire ake. Sitolo imene malonda ake ambiri ndi a zinthu zopindulitsa pang'ono, monga shuga kapena mayunitsi a foni, ikayesedwa ndi phindu la sopo ndi mabisiketi idzapatsidwa malonda amene sinapange. Katundu wowonongeka nayenso amasokoneza: mkaka wosasa magetsi atazima tsiku lonse, buledi wochita nkhungu, matumba obooledwa ndi makoswe, zobedwa. Katundu ameneyu anagulidwa koma sanabweretse ndalama, ndipo wamsonkho amene sanauzidwe adzamuwerenga ngati wagulitsidwa.

Choopsa kwambiri ndi kusawerenga katundu kumapeto kwa chaka. Mtsikanayu akanakhala wopanda mndandanda wa katundu wotsala, wamsonkho akanatha kutenga K16,900,000 yonse ngati yagulitsidwa, n'kuwonjezerapo K25 pa K100, malonda n'kufika pa K21,125,000. Lamulo limamupatsa mphamvu yoyerekezera chiwerengero ngati wamalonda sanapereke malipoti kapena mabuku ake ndi osakhutiritsa, ndipo udindo wosonyeza kuti chiwerengerocho n'chokwera umagwera wokhoma msonkho. Kulumbira kuti malonda sanayende sikuthandiza. Chimene chimatsitsa nambala ndi pepala: mndandanda wa mitengo yogulira ndi yogulitsira, tsamba la katundu wowonongeka lokhala ndi masiku, malisiti.

Wosakhutira ali ndi njira. Amalemba kalata yotsutsa kwa mkulu wa MRA pasanathe masiku 30, kufotokoza mbali imene akuikana ndi chifukwa chake, n'kuphatikizapo umboni. Kukhala chete kapena kutseka sitolo poona galimoto ya msonkho kumangochititsa kuti masikuwo athe, chiwerengero chikhazikike, chiwongoladzanja chiyambe kuwerengedwa. Ndipo msonkho umalipiridwa kudzera ku banki kapena njira zina zimene bungwelo linakhazikitsa, pa TPIN ya mwini wake, ndi umboni wa kulipirako. Ndalama yoperekedwa m'manja mwa munthu pa kauntala kuti nambala itsike sithetsa ngongole ya msonkho, ndipo ndi mlandu kwa wopereka ndi wolandira yemwe.

Kope latsopano

Zimene mtsikanayu anasintha sizinafune makina kapena sukulu ya zowerengera ndalama. Tsamba la tsiku lililonse analigawa mizere inayi: ndalama za m'manja, za pafoni, za ngongole, ndi zotapa m'dilowa masana pamodzi ndi chimene zagula. Malonda a tsikulo ndi kuphatikiza inayi yonse. Wangongole akabweza, amalemba pa tsamba la ngongole, osati pa malonda, kuopa kuwerenga kawiri. Anagula nambala ina ya foni ya sitolo yokha, kuti ndalama ya kasitomala isasakanikirane ndi ya achimwene. Paketi ya shuga ikamadutsa pa khomo la pakati imalembedwa ngati ya kasitomala wina aliyense. Malisiti a makina, amene inki yake imafufutika pakapita miyezi, amawajambula pafoni tsiku lomwelo. Ndipo pa 31 Malichi amatseka msanga, iye ndi mng'ono wake n'kuwerenga katundu yense, shelefu ndi shelefu, pa mtengo wa ku holoselo.

Chovuta chimene kope silingachithetse ndi chakuti msonkho umalipiridwa ndi ndalama, pamene phindu la golosale nthawi zambiri limakhala litasanduka makatoni. Wamalonda wa gulu lake amayembekezereka kulipira msonkho woyerekezera miyezi itatu iliyonse m'kati mwa chaka, kenaka n'kupereka malipoti ake pasanathe masiku 180 chaka chake chitatha, kuti aone ngati wawonjezera kapena waperewera. Choncho kumapeto kwa mwezi uliwonse amawerengera phindu la mweziwo mwa njira ya wamsonkho, amapatula gawo la msonkho n'kuliika ku banki, ndipo zotsalazo ndi zimene amapita nazo ku Limbe.